Kusomeka zithunzi m'kanema: mmene makina amasalazira kayendedwe ka zinthu ndi zipsera zomwe amasiya

Kusomeka zithunzi ndi luso limene wailesi ya kanema, foni kapena pulogalamu ya pakompyuta imapangira zithunzi zatsopano ndi kuziika pakati pa zithunzi zomwe kamera inajambula, n'cholinga choti kanema amene amaoneka ngati akudumphadumpha aziyenda mosalala. Pa sikirini lusoli limalembedwa ndi maina monga Frame Interpolation, Motion Smoothing kapena MEMC. Limapezeka m'mawailesi ambiri a kanema amakono monga ogulitsidwa m'masitolo a ku Limbe ndi ku Chichiri, m'mafoni ena, komanso m'mapulogalamu amene ojambula maukwati ndi nyimbo amakonzera ntchito zawo. Zithunzi zosomekedwazo sizinajambulidwe ndi kamera. Makina amangoganizira zomwe zikanaoneka pa kanthawi kamene kamera sinajambule. Akaganizira molondola kanema amakoma kuonera, koma akaphonya pamatsala zipsera, ndipo nthawi zina pamaoneka zinthu zomwe sizinachitike.

Kanema ndi zithunzi zotsatizana

Kanema aliyense ndi mndandanda wa zithunzi zosayenda zomwe zimaonetsedwa mothamanga chimodzi pambuyo pa chinzake, mpaka maso amaona ngati zinthu zikuyenda. Kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi imodzi kumalembedwa kuti fps pa makamera ndi m'mafoni. Mafilimu akhala akujambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, pomwe mafilimu okhala ndi mawu anayamba. Maiko amene magetsi awo ndi a 50 Hz, monga omwe Escom imagawa m'Malawi, anasankha zithunzi 25 pa sekondi pa wailesi za kanema, ndipo ndondomeko imeneyi ndi yomwe Television Malawi inayambira kuulutsa ku Blantyre mu 1999. Mafoni ambiri amajambula pa 30 ngati mwini wake sanasinthe chilichonse. Makamera achitetezo a m'masitolo ndi m'maofesi kawirikawiri amatcheredwa pa 15 kapena kutsika apo, pofuna kuti malo osungira asadzaze msanga.

Pakati pa chithunzi chimodzi ndi chinzake pamakhala mpata. Pa zithunzi 25 pa sekondi, mpatawo ndi gawo limodzi mwa magawo 25 a sekondi. Ndi kanthawi kochepa zedi, komabe chinthu chothamanga chimasuntha ndithu. Minibasi yoyenda pa liwiro la makilomita 54 pa ola mumsewu wa Masauko Chipembere imatha mamita 15 pa sekondi. Kamera yojambula zithunzi 15 pa sekondi imaipeza itasuntha mita yathunthu pa chithunzi chilichonse, ndipo woonera amaiona ngati ikudumpha m'malo moyenda. Kudumphaku kumaonekera kwambiri pa sikirini yaikulu ndi yowala, makamaka pamene kamera ikutembenuka kuchokera mbali ina kupita mbali inzake.

Njira zitatu zodzazira mpata

Masikirini amakono amatha kusintha chithunzi maulendo 50, 60, 100 kapena 120 pa sekondi. Akalandira kanema wa zithunzi 25 zokha, amayenera kupeza choonetsa pa nthawi yotsalayo, ndipo pali njira zitatu.

Njira yoyamba ndi kubwereza. Chithunzi chilichonse chimaonetsedwa kawiri, motero zithunzi 25 zimakhala 50. Palibe chatsopano chomwe chawonjezeredwa, palibenso chomwe chaonongeka, koma kudumpha kuja kumakhalabe mmene kunalili. Vuto lina limabwera manambala akapanda kugawika bwino. Pa sikirini ya foni yosintha maulendo 60 pa sekondi, zithunzi 25 sizingalowe mofanana. Zina zimaonetsedwa kawiri, zina katatu, ndipo kanema amaoneka ngati akutsimphina.

Njira yachiwiri ndi kusakaniza. Makina amatenga theka la chithunzi choyamba ndi theka la chachiwiri n'kuzisanjika pamodzi. Njirayi ndi yopepuka, koma chinthu choyenda chimaoneka kawiri, kumene chinali ndi kumene chafika, ndipo konseko chimakhala chozimiririka ngati chithunzithunzi.

Njira yachitatu ndiyo kusomeka kwenikweni. Makina amafufuza kumene mbali iliyonse ya chithunzi yapita, kenako amajambula chithunzi chatsopano chomwe chinthu chilichonse chaikidwa pakatikati pa ulendo wake. Kuchuluka kwa zithunzi zopekedwa kumadalira pomwe wachokera ndi pomwe akupita. Kuchoka pa 25 kufika pa 50, theka la zithunzi zonse ndi lopekedwa. Kuchoka pa 25 kufika pa 100, zitatu mwa zinayi zilizonse ndi zopekedwa. Kanema wa kamera yachitetezo wokwezedwa kuchoka pa 15 kufika pa 60 amakhala ndi zithunzi 45 zopekedwa pa sekondi iliyonse.

Mmene makina amafufuzira kayendedwe

Chithunzi cha pa sikirini chimapangidwa ndi timadontho tamitundumitundu. Sikirini yolembedwa Full HD ili ndi timadontho 1920 m'litali ndi 1080 kuchokera pamwamba kufika pansi. Makina ambiri amadula chithunzi choyamba m'timabokosi ting'onoting'ono, mwachitsanzo ta timadontho 16 mbali iliyonse. Pa kabokosi kalikonse, amayang'ana m'chithunzi chachiwiri kuti apeze malo amene akufanana nako kwambiri. Akawapeza, amalemba mtunda ndi mbali imene kabokosiko kasunthira, ngati kamuvi kolozera kumene kapita. Pojambula chithunzi chapakati, amasuntha kabokosi kalikonse theka la mtunda wa kamuvi kake.

Mapulogalamu a pakompyuta amatha kuwerengera kamuvi ka kadontho kalikonse pakokha. Njira imeneyi imalembedwa kuti Optical Flow, ndipo masamu ake anakhazikitsidwa mu 1981 ndi akatswiri awiriawiri, Berthold Horn ndi Brian Schunck, komanso Bruce Lucas ndi Takeo Kanade. Kampani ya Philips inaika luso losomeka zithunzi m'mawailesi a kanema apakhomo m'zaka za m'ma 1990 pansi pa dzina loti Natural Motion. Masiku ano kulinso mapulogalamu a nzeru zopangidwa, monga RIFE, amene anaphunzitsidwa pa makanema ochuluka kuti azitha kulosera chithunzi chosowa. Amenewa amaphonya pang'ono poyerekeza ndi akale, koma nawonso amangolosera.

Njira zonsezi zimadalira malingaliro atatu. Loyamba n'lakuti chinthu sichisintha mtundu kapena kuwala pakati pa zithunzi ziwiri. Lachiwiri n'lakuti chinthu chimayenda molunjika ndi pa liwiro losasintha mumpata umenewo. Lachitatu n'lakuti chilichonse chooneka m'chithunzi choyamba chikuonekanso m'chachiwiri. Pafupifupi chipsera chilichonse chimayamba pamene limodzi mwa malingaliro amenewa lalephera kugwirizana ndi zomwe zinachitikadi.

Chitsanzo cha mpira pabwalo la Kamuzu

Masewero a mpira wamiyendo amaonetsa bwino malire a lusoli. Pa masewero a pakati pa Bullets ndi Wanderers pabwalo la Kamuzu, kamera ili pamalo okhala ochemerera, ikujambula zithunzi 25 pa sekondi, ndipo chithunzi chake chikutenga mamita 40 a bwalo kuchokera kumanzere kufika kumanja. Popeza m'litali mwa chithunzi muli timadontho 1920, mita imodzi ya pabwalo ndi timadontho 48 pa sikirini.

Wosewera amenya mpira pa liwiro la makilomita 90 pa ola, kutanthauza mamita 25 pa sekondi. Pa chithunzi chilichonse mpirawo usuntha mita imodzi, yomwe ndi timadontho 48. Koma mpira weniweniwo ndi wa masentimita pafupifupi 22 kuchokera mbali ina kufika mbali inzake, ndiye kuti pa sikirini ndi timadontho 10 kapena 11 tokha. Choncho pakati pa zithunzi ziwiri mpira wadumpha mtunda woposa kanayi kukula kwake, ndipo malo amene unali sakukhudzana n'komwe ndi malo amene wafika.

Apa makina amakumana ndi zovuta ziwiri. Choyamba, kabokosi ka timadontho 16 mbali zonse kali ndi timadontho 256, ndipo mpira ukudzaza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kabokosiko. Mbali yotsalayo ndi kapinga. Makina akamafunafuna malo ofanana ndi kabokosiko, kapinga ndi amene amapambana chifukwa ndi wochuluka, ndipo kabokosi kamapatsidwa kamuvi ka kapinga, osati ka mpira. Chachiwiri, makina safufuza chithunzi chonse chifukwa nthawi siingakwanire. Amangoyang'ana malo ozungulira pomwe kabokosiko kanali. Ngati malire a kufufuzako ndi ochepera mtunda umene mpira wadumpha, mpirawo supezeka.

Zotsatira zake zimakhala za mitundu iwiri. Nthawi zina m'chithunzi chosomekedwa mpira umasoweratu, ndipo popeza m'zithunzi zenizeni ulimo, woonera amauona ukuthwanima, kuoneka ndi kuzima. Nthawi zina makina akalephera amabwerera ku njira yosakaniza, ndipo pamaoneka mipira iwiri yozimiririka, wina kumbuyo wina kutsogolo. Maso akaphatikiza zimenezi ndi zithunzi zenizeni, zimakhala ngati mipira itatu ikuuluka motsatizana.

Ngakhale makina ataupeza mpirawo, pali cholakwika china chovuta kuchiona. Mpira ukhoza kugunda pansi n'kudumpha mkati mwa mpata wa pakati pa zithunzi ziwiri. M'chithunzi choyamba uli m'mwamba ukutsika, m'chachiwiri uli m'mwamba ukukwera. Makina amalumikiza malo awiriwo ndi mzere woongoka n'kuuika mpira pakatikati, m'malere, pa nthawi imene unali pansi. Chithunzicho chimaoneka choyera, chopanda chipsera, koma ndi chonama. N'chimodzimodzi mpira ukakhudza dzanja la wotchinga kumbuyo n'kusintha njira. Pa chifukwa chimenechi, kachidutswa ka kanema kosalazidwa ndi kuchedwetsedwa kamene kakuzungulira m'mafoni sikangathetse mkangano woti mpira unadutsa mzere wa golo kapena unagunda dzanja.

Masewero oulutsidwa mwachindunji pa wailesi ya kanema amasiyana pang'ono. Kawirikawiri amatumizidwa m'zigawo 50 pa sekondi, chigawo chilichonse chili ndi theka la mizere ya chithunzi, kotero mpira umagwidwa maulendo 50 ndipo mtunda wa pakati umachepa ndi theka. Vuto limakula pa makanema ojambulidwa ndi foni ndi oonetsedwa pa intaneti, amene nthawi zambiri amakhala a 25 kapena 30.

Zipsera zina zodziwika

Chipsera chofala kwambiri ndi mphete yonjenjemera yozungulira munthu woyenda. Munthu akamadutsa kutsogolo kwa khoma, amaphimba mbali ya khoma yomwe ili kutsogolo kwake ndi kuvundukula yomwe ili kumbuyo kwake. Mbali yovundukulidwayo mulibe m'chithunzi choyamba, ndipo yophimbidwayo mulibe m'chachiwiri, choncho makina alibe chofananizira. Amangokoka timadontho ta pafupi n'kudzaza mpatawo. Zikatero m'mphepete mwa mutu ndi mapewa mumaoneka ngati mpweya wotentha umene umanjenjemera pamwamba pa tala mwezi wa Okutobala. Chipserachi chimakula kumbuyo kukakhala zinthu zambirimbiri, monga khamu la ochemerera kapena mabenchi a mumsika wa Limbe.

Chachiwiri chimabwera ndi zinthu zobwerezabwereza, monga mizere ya malata, mpanda wa zitsulo, njerwa, ukonde wa golo ndi maluwa a pachitenje. Ngati zitsulo za mpanda zatalikirana timadontho 20, ndipo kamera yatembenuka timadontho 12, chitsulo chilichonse chimakhala pa mtunda wa 12 kuchokera pomwe chinali, koma pa mtunda wa 8 okha kuchokera pomwe panali chinzake chotsatira. Makina akhoza kuganiza kuti mpanda wabwerera m'mbuyo ndi timadontho 8. Timabokosi tina timasankha njira yolondola, tina yolakwika, ndipo mpanda umaoneka wothyokathyoka. Paukwati pamene amayi ambiri avala nsalu yofanana n'kumavina moyandikana, makina amatha kutenga chidutswa cha nsalu ya mayi wina n'kuchilumikiza kwa mnzake.

Chachitatu ndi cha kuwala. Kuthwanima kwa kamera ya wojambula zithunzi kumawalitsa chithunzi chimodzi chokha, ndipo magetsi amitundumitundu a m'holo amasintha mtundu wa zovala kuchoka pa chithunzi china kufika pa chinzake. Makina amaona ngati zinthu zasuntha pamene zangosintha kuwala. Palinso vuto la mababu. Pa magetsi a 50 Hz, mababu ena amaphethira maulendo 100 pa sekondi. Maso saona zimenezi, koma foni yojambula pa 30 imagwira kuwala kosiyanasiyana pa chithunzi chilichonse, pamene kamera yotcheredwa pa 25 kapena 50 imayenderana nako.

Chachinayi chimakhudza malemba osasuntha amene ali pamwamba pa chithunzi choyenda, monga chizindikiro cha wailesi pakona, zigoli za masewero kapena mawu omasulira pansi pa filimu. Kabokosi kamodzi kamakhala ndi zinthu ziwiri, china choima china choyenda, koma kamuvi n'kamodzi. Zilembo zimang'ambika kapena kukokedwa pamodzi ndi kapinga. Pomwe kanema wadumpha kuchoka pa kamera ina kupita pa inzake, makina amayenera kuzindikira kuti zithunzi ziwirizo n'zosagwirizana n'kusiya kusomeka. Akapanda kuzindikira, pamatuluka chithunzi chimodzi chomwe nkhope ya munthu yasungunukira m'malo ena.

Kanema amene wadutsa m'mafoni angapo pa WhatsApp amavutitsa makina kuposa wochokera m'kamera. Kufinya kumene kumachepetsa kukula kwa fayilo kumafafaniza tinthu ting'onoting'ono tomwe makina amadalira pofananiza, ndipo kumasiya mabala akeake amene makina amawatenga ngati zinthu zenizeni n'kuyamba kuwasuntha.

Pa wailesi ya kanema yapakhomo

Mawailesi ambiri amachoka m'sitolo lusoli lili loyatsidwa kale, chifukwa chithunzi chosalala chimakopa maso pa shelefu. Kampani iliyonse ili ndi dzina lake. Samsung imalemba Auto Motion Plus, ndipo pa mawailesi atsopano imaika lusoli pansi pa Picture Clarity. LG imalemba TruMotion, Sony imalemba Motionflow, pomwe makampani ena amangolemba MEMC. Pa ena pamakhala poyezera pomwe munthu angakweze kapena kutsitsa mphamvu ya kusomekako, monga Judder Reduction pa Samsung ndi De-Judder pa LG. Mphamvu ikakhala yochepa kudumpha kumachepako ndipo zipsera sizionekera kwambiri. Ikafika pamapeto, kanema amasalala kotheratu koma zipsera zimachuluka.

Ngakhale pamene palibe chipsera, filimu yosalazidwa imasintha maonekedwe. Maso anazolowera kuona mafilimu pa 24, ndipo filimu ikakwezedwa kufika pa 50 kapena 100 imaoneka ngati sewero lojambulidwa mu situdiyo ya wailesi ya kanema. Opanga mafilimu ambiri sakondwera nazo. Mu Disembala 2018, katswiri wa mafilimu Tom Cruise ndi wotsogolera kujambula Christopher McQuarrie anatulutsa kanema wamfupi wopempha anthu kuti azizimitsa lusoli poonera mafilimu. Mu 2019 bungwe la UHD Alliance linalengeza Filmmaker Mode, chosankha chimodzi chomwe chimazimitsa kusomeka pamodzi ndi zokometsera zina.

Kusomeka kumachedwetsanso chithunzi. Wailesi singajambule chithunzi chapakati isanalandire chachiwiri, choncho imayenera kudikira. Poonera filimu zimenezi sizidziwika chifukwa mawu amachedwetsedwa mofanana, koma osewera magemu amaona kuti wosewera wa pa sikirini akuyankha mochedwa akadina batani. N'chifukwa chake Game Mode kawirikawiri imazimitsa lusoli.

Kwa ojambula maukwati ndi nyimbo

Ojambula amasomeka zithunzi makamaka akafuna kuchedwetsa kanema, monga pamene akwati akulowa m'holo kapena pa perekaniperekani. Kanema wojambulidwa pa 25 akachedwetsedwa kanayi, sekondi imodzi iyenera kudzaza masekondi anayi, kutanthauza zithunzi 100 pomwe zilipo 25 zokha. Zithunzi 75 ziyenera kupekedwa. Tsono perekaniperekani ali ndi zonse zomwe zimasokoneza makina: ndalama zamapepala zazing'ono zomwe zikutembenuzika m'malere, manja odutsana, nsalu zofanana ndi kuwala kosinthasintha. Ndalama zimasowa n'kuonekanso, zala zimapindika ngati mphira, ndipo chophimba kumutu cha mkwatibwi, chomwe chimaonetsa za kumbuyo kwake, chimang'ambika.

Njira yodalirika ndi kujambula zithunzi zokwanira pa tsiku la mwambo. Kanema wojambulidwa pa 50 akhoza kuchedwetsedwa kawiri n'kuonetsedwa pa 25 popanda chithunzi chopekedwa ngakhale chimodzi, ndipo wojambulidwa pa 100 akhoza kuchedwetsedwa kanayi. Chofunika kukumbukira n'chakuti kujambula pa 100 kumafuna kuwala kochuluka, chifukwa chithunzi chilichonse chimalandira kuwala kwa nthawi yochepa.

Nthawi imene diso la kamera limakhala lotsegula pa chithunzi chilichonse, yomwe imalembedwa kuti Shutter Speed, nayonso ndi yofunika. Pa 25 ojambula amakonda kuitchera pa 1/50. Mpira uja wa mamita 25 pa sekondi umayenda theka la mita diso lili chitsegukire, ndipo umajambulika ngati mzere wachimbuuzi. Kusomeka sikuchotsa chimbuuzicho. Kumangochisuntha, kotero kanema wochedwetsedwa amakhala wosalala koma wosaoneka bwino. Amene akudziwiratu kuti adzasomeka zithunzi amafupikitsa nthawiyi kuti m'mphepete mwa zinthu muzioneka bwino.

Njira zitatu zija zimapezeka m'mapulogalamu okonzera makanema. Mu Adobe Premiere Pro zimalembedwa Frame Sampling, Frame Blending ndi Optical Flow. Mu pulogalamu yaulere ya FFmpeg, lamulo ili limakweza kanema kufika pa zithunzi 50 pa sekondi pofufuza kayendedwe ka zinthu:

```
ffmpeg -i kanema.mp4 -vf "minterpolate=fps=50:mi_mode=mci" wosalala.mp4
```

Kulemba `blend` m'malo mwa `mci` kumasankha kusakaniza, ndipo `dup` kumasankha kubwereza. Kuyesa njira zonse zitatu pa kachidutswa ka masekondi khumi kumaonetsa msanga kuti yoyenera kanemayo ndi iti. Ojambula odziwa ntchito amasomeka pa zigawo zokhazo zomwe munthu akuyenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa khoma losasokoneza, ndipo zigawo za magule amazisiya mmene zinajambulidwira.

Lusoli likagwiritsidwa ntchito mosamala limathandiza kwambiri pa makanema akale. Mu filimu ya They Shall Not Grow Old ya mu 2018, Peter Jackson ndi anzake anatenga makanema a Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ojambulidwa ndi makamera opukusa ndi dzanja pa liwiro lotsika ndi losiyanasiyana, n'kuwafikitsa pa 24 kuti asilikali aziyenda ngati anthu enieni m'malo mothamanga modumphadumpha.

Kanema wosalazidwa si umboni

Ngozi yaikulu ili pa makanema a makamera achitetezo. M'sitolo ikabedwa katundu, kapena galimoto ikagunda munthu pamphambano, mwini kanema akhoza kufuna kumusalaza kuti zinthu zioneke bwino. Koma pa zithunzi 15 pa sekondi, dzanja lofulumira likhoza kuoneka pafupi ndi shelefu m'chithunzi chimodzi ndi pafupi ndi thumba m'chotsatira, popanda chosonyeza zomwe linachita pakati. Makina amadzaza mpatawo ndi ulendo woongoka wa dzanja, ndipo akhoza kuika kanthu m'dzanja kapena kukachotsamo pokoka timadontho ta pa shelefu. Woonera sangasiyanitse chithunzi chojambulidwa ndi chopekedwa kanemayo akamayenda.

Makhoti ayamba kale kukumana ndi nkhani zotere. Mu 2024, woweruza wa khoti la ku King County m'chigawo cha Washington ku Amereka anakana kulandira ngati umboni kanema wa pafoni amene anakonzedwa ndi pulogalamu ya nzeru zopangidwa pa mlandu wakupha, chifukwa pulogalamuyo inawonjezera ndi kusintha zomwe zinali m'kanema weniweni. Mlanduwo unakhudza kukometsa chithunzi m'njira zosiyanasiyana, koma mfundo yake ikukhudzanso kusomeka. Choyenera kusunga ndi kupereka kupolisi kapena kukampani ya inshuwalansi ndi fayilo yoyambirira, yokoperedwa mwachindunji kuchokera m'makina ojambulira, isanadutse m'pulogalamu iliyonse.

Mmene kanema wosomekedwa amadziwikira

Njira yotsimikizika ndi kuimitsa kanema n'kumuyendetsa chithunzi chimodzichimodzi. Mu pulogalamu ya VLC pakompyuta, batani la E limapita pa chithunzi chotsatira. Pa YouTube pakompyuta, kanema akaimitsidwa, mabatani a `,` ndi `.` amabwerera m'mbuyo kapena kupita patsogolo ndi chithunzi chimodzi. Malo oyenera kuyang'anitsitsa ndi m'mphepete mwa zinthu zothamanga, zala, miyendo yodutsana, masipoko a njinga ndi zilembo.

Chizindikiro chachikulu ndi kasinthasintha wokhazikika. Ngati chithunzi chimodzi chili choyera, chotsatira chili ndi dzanja lopindika, kenako choyera, kenako chopindika, ndiye kuti kanemayo anakwezedwa kawiri. Ngati pali choyera chimodzi ndi zokayikitsa zitatu, anakwezedwa kanayi. Chizindikiro china ndi chimbuuzi chachitali kuposa mtunda umene chinthu chasuntha pakati pa zithunzi ziwiri, chomwe kamera yeniyeni singatulutse, popeza diso lake silingakhale lotsegula nthawi yoposa ya chithunzi chimodzi.

Pa wailesi yapakhomo njirayi siithandiza, chifukwa zithunzi zosomekedwa zimapangidwa nthawi yomweyo ndipo sizisungidwa m'fayilo. Kumeneko mayeso ndi kuzimitsa chosankha cha kayendedwe n'kuoneranso chigawo chomwecho. Ngati mphete yozungulira osewera ndi kuthwanima kwa mpira zatha, vuto linali la kusomeka. Ngati zikadalipo, zinabwera ndi kanemayo kuchokera komwe anakonzedwa kapena komwe akuulutsidwa.